Momwe mungasungire katundu wa ana atatu m'kachipinda kopanikiza kuno ku Mzuzu

Nyumba zambiri za lendi ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo ndi Mchengautuwa zili ndi kachipinda kachiwiri komwe kamakwana bedi imodzi ndi kanjira kodutsa basi. M'menemo ndi momwe mumagona ana onse, ndiponso momwe mumakhala zovala zawo, mabuku, nsapato, zidole ndi mabulangete. Anthu ambiri akaona kuti malo achepa amaunjika zinthu m'makatoni ndi m'zikwama za shangani n'kuzikankhira kukona. Kumadera kouma zimenezi mwina zimatheka, koma osati kuno. Mzuzu ndi mzinda wa pamtunda, mvula imagwa mpaka mu Epulo, kenako kumabwera mawawa ndi chifunga cha miyezi yozizira. Chilichonse chimene chagunda khoma kapena simenti yapansi kwa masabata angapo chimachita chuku. Choncho ntchito yathu ili pawiri: kuchotsa katundu pansi, ndi kumuika pamalo pomwe mpweya ungadutse kumbuyo ndi kunsi kwake.

Kuti zimveke bwino titenge chipinda chimodzi n'kuchikonza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chipinda chake ndi cha mamita 2.7 mulitali ndi mamita 2.4 mulifupi, ndipo makoma ake ndi otalika mamita 2.5. Chitseko cha masentimita 80 chili pakona ya khoma limodzi lalifupi, ndipo chimatsegukira mkati. Zenera lili pa khoma lalifupi linalo. Mwa makoma aatali awiriwo, limodzi ndi lakunja, lina ndi logawana ndi pabalaza. Mumagona ana atatu: mtsikana wa zaka 11, mng'ono wake wa zaka 8, ndi kamlongo kawo ka zaka 4. Chipinda chanu chikhoza kusiyana pang'ono ndi chimenechi, koma kawerengedwe kake n'kamodzimodzi.

Gawo 1: Yezani chipinda, kenako pezani khoma lonyowa

Tengani tepi yoyezera ndi kope. Lembani kutalika kwa khoma lililonse, kutalika kochokera pansi kufika pa siling'i kapena pa mitanda ya denga, ndi pomwe pali swichi ndi soketi. Tsegulani chitseko mpaka kumapeto, mujambule ndi choko pansi pomwe chikudutsa. Malo amenewo si anu, ndi a chitseko, ndipo musawawerengere pa china chilichonse.

Tsopano chitani chinthu chimene ambiri amadumpha. Dulani tizidutswa ta pepala la pulasitiki, lililonse masentimita 30 mbali zonse. Matani kamodzi m'munsi mwa khoma lililonse ndi kena pansi pa simenti, mutatseka m'mphepete monse ndi selotepi. Zisiyeni masiku awiri. Mukamatula n'kupeza kuti kunsi kwa pepalalo kwanyowa kapena khoma lada, dziwani kuti chinyezi chikuchokera m'khomamo kapena m'nthaka. Ngati timadontho tili pamwamba pa pepala, ndiye kuti ndi mpweya wa m'chipinda momwemo womwe ukuchita thukuta pa khoma lozizira, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula zenera masana. Zizindikiro zina maso amaziona okha: penti wofufuma, tiufa toyera ngati mchere m'munsi mwa khoma, ndi mawanga akuda m'makona.

Kawirikawiri khoma lonyowa limakhala lakunja, makamaka lomwe mvula imawomba. M'chipinda chathuchi tinene kuti ndi khoma lalitali lakunja lija. Khoma limenelo tilisiya lopanda kanthu. Sitikhomapo shelefu, sitikolekapo chovala, ndipo bedi siliyandikirako. Zonse zipita ku makoma awiri amkati.

Gawo 2: Tulutsani zonse panja

Sankhani tsiku la dzuwa, yalani mphasa pabwalo, mutulutse chilichonse cha m'chipindamo. Nthawi yabwino ndi tchuthi cha mu Ogasiti, sukulu isanatsegulire mu Seputembala, chifukwa ndi pomwe mumadziwa yunifolomu yomwe yachepa ndi makope omwe ntchito yawo yatha. Pangani milu itatu: zogwiritsa ntchito sabata iliyonse, za nyengo yake monga mabulangete owonjezera ndi majuzi olemera a mu Juni ndi Julayi, ndi zomwe palibe mwana amene akuzivalanso. Mulu wachitatuwo usabwererenso m'chipinda. Zovala zomwe mukusungira wamng'ono kuti adzavale akakula zichapidwe, ziume bwinobwino, zikakhale kwina.

Gawo 3: Bedi yosanjikiza, ndi miyezo yoti muwauze a kalipentala

Bedi ndiyo imadya malo ambiri, choncho iyeneranso kutisungira katundu wambiri. Mabedi awiri oyandikana m'chipinda ichi angatseke njira yonse. Bedi yosanjikiza, yomwe ambiri amaitchula dabulodeka, imagoneka ana atatu pa malo a bedi imodzi. Wamkulu agona pamwamba, awiri aang'onowo pansi. Mwana wosakwana zaka 6 asagone pamwamba, ngakhale alire chotani.

Yambani mwagula matiresi, kapena yezani omwe muli nawo kale, musanapite kwa kalipentala. Matiresi a filikota amakhala pafupifupi masentimita 107 mulifupi ndi 190 mulitali, koma amasiyanako pang'ono malinga ndi omwe anawapanga. Bedi yake, kuphatikiza matabwa a m'mbali, ikhala ya masentimita pafupifupi 115 ndi 200. Tiika bediyo motsatira khoma la pabalaza, titasiya mpata wa masentimita 5 pakati pa bedi ndi khomalo, ndi masentimita 10 kuchokera ku khoma la zenera. Werengerani: pa masentimita 240 a mulifupi tachotsa 120, ndiye patsala kanjira ka masentimita 120 kutsogolo kwa bedi. Pa masentimita 270 a mulitali tachotsa 210, ndiye kumiyendo kwa bedi kwatsala kampata ka masentimita 60. Kampata kameneko tikagwiritsa ntchito posachedwa.

Ndikukulimbikitsani kulemba miyezo papepala n'kuwasiyira a kalipentala, chifukwa ambiri ali ndi miyezo yawo yomwe anaizolowera, ndipo mabedi awo amakhala ofupika kunsi. Auzeni momveka kuti, "Bambo, kuchokera pansi kufika kunsi kwa thabwa la m'mbali pakhale masentimita 30 opanda chotchinga, ndipo musaike mwendo wina pakati cha kutsogolo." Mpata umenewo ndiwo nkhokwe yathu. Thabwa lakutsogolo likhale lochindikala, la mainchesi 6 ndi 2, kuti lisapindike popeza lilibe mwendo wapakati.

Miyezo ina iyende motere. Matiresi apansi, ngati ndi a masentimita 15, pamwamba pake pafika pafupifupi masentimita 55 kuchokera pansi. Kuchokera pamenepo kufika kunsi kwa bedi yapamwamba pakhale masentimita 80, kuti mwana akhale tsonga osagunda mutu. Matiresi apamwamba akhale opyapyala, a masentimita 10, ndipo pamwamba pake pafika pafupifupi masentimita 155. Patsala masentimita 95 kufika kudenga, omwe ndi okwanira. Ngati pa nyumba yanu patsala osakwana 75, tsitsani bedi yapamwamba kapena musiye maganizo a dabulodeka, makamaka pomwe palibe siling'i, chifukwa malata amatentha masana ndipo m'mamawa wa nyengo yozizira amadontha thukuta.

Bedi yapamwamba ikhale ndi zotchingira mbali zonse zinayi, ngakhale mbali ya kukhoma. Zotchingirazo zipitirire pamwamba pa matiresi ndi masentimita osachepera 16, ndipo mipata ya pakati pa timatabwa take isapose masentimita 7, kuti thupi la mwana lisalowe n'kukodwa mutu. Apa ndi pomwe matiresi ochindikala amawononga zinthu: mukadzasintha n'kuikapo a masentimita 20, chotchingira chija chasanduka chachifupi. Makwerero akhale okhomerera ku bedi, osati ochita kutsamiritsa. Pemphaninso kuti bediyo ilumikizidwe ndi mabawuti m'malo mwa misomali. Ikhoza kumasulidwa tsiku losamuka, ndipo ikayamba kugwedera mumangomanganso ndi sipanala.

Pa nkhani ya matabwa tiime pang'ono. Paini wa ku Chikangawa ndi wosavuta kupeza kuno, ndi wopepuka, ndipo ndi wokwanira pa ntchito imeneyi, koma nthawi zambiri amagulitsidwa asanaume. Thabwa laliwisi limalemera kuposa anzake, limazizira mukaligwira, ndipo mukakhomapo msomali pamatuluka chinyezi kapena utomoni. Mukapangira bedi thabwa lotere, pakatha miyezi ingapo limafota, malumikizidwe amatakasuka, madilowa amayamba kukanirira, ndipo thabwalo limachita mawanga obiriwira modera. Ngati mwagula aawisi, asanjeni pamthunzi pakhonde, mutaika timitengo pakati pa thabwa lililonse ndi linzake kuti mphepo idutse, adikire masabata angapo. Akatha kupanga, apale ndi sandipepa, apake vanishi mbali zonse kuphatikizapo kunsi kwa miyendo, ndipo fungo lithere panja bedi isanalowe. Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto poopa chiswe. Zimenezo zisiyireni mitengo ya mpanda, zisalowe m'chipinda chogona ana. Kunsi kwa mwendo uliwonse khomani kachidutswa ka labala ya tayala, kuti thabwa lisamwe chinyezi cha pa simenti.

Gawo 4: Madilowa atatu kunsi kwa bedi

Mwana aliyense akhale ndi dilowa yake. Pakati pa miyendo ya bedi pali mpata wa masentimita pafupifupi 185, choncho mabokosi atatu a masentimita 58 mulifupi akwana, n'kutsala timipata toti asakhulane. Kulowa mkati akhale masentimita 70. Mwina mufunsa chifukwa chake sitikudzaza malo onse a masentimita 115. Pali zifukwa ziwiri. Kanjira kathu ndi ka masentimita 120, ndiye bokosi la 70 likatuluka lonse mwana amatsala ndi malo ogwada. Chachiwiri, mpata wotsala kumbuyoko ndi womwe umalola mpweya kuyenda kunsi kwa matiresi.

M'mbali mwa bokosi mugwiritse ntchito matabwa a mainchesi 8 ndi 1, omwe ndi pafupifupi masentimita 20 mulifupi. Bokosi limodzi limadya masentimita 256 a thabwa, ndiye atatu afuna mamita 8 mukawerengera zodulidwa. Pansi pake pakhale pulayiwudi wa mamilimita 12. Pepala limodzi la pulayiwudi, la masentimita 122 ndi 244, likwanira pansi pa mabokosi onse atatu, ndipo chotsalacho chikhala mashelefu. Kunsi kwa bokosi lililonse mangani timatayala tinayi ta masentimita 5, togulidwa m'masitolo a zomangira. Mukaphatikiza thabwa, pulayiwudi ndi matayala mupeza masentimita 26 kapena 27, ndiye bokosi lidutsa bwino pa mpata wa 30 uja.

Matayalawo sikuti ndi ongothandiza kukoka. Amanyamula bokosi kuti lisagunde simenti, ndipo apa ndi pomwe pagona kusiyana kwa zovala zonunkha chuku ndi zovala zouma. Ngati ndalama ya matayala palibe, khomani timatabwa tiwiri kunsi kwa bokosi motsata komwe limakokedwera, mutipake kandulo kuti titerere. M'mbali ndi kumbuyo boolani timabowo tambiri ta mamilimita 6. Musaboole mabowo oti chala cha mwana n'kulowa n'kukanirira. Chogwirira chikhale chosatulukira kunja, monga kamphako kosemedwa pamwamba pa thabwa lakutsogolo, chifukwa chogwirira chachitsulo chimapweteka akakolo usiku. Pamwamba yalani kansalu ka chitenje kotchinga fumbi logwa ku matiresi.

Bokosi lotere limalowa katundu wokwana ndowa zitatu za malita 20, kapena kuposerapo pang'ono. Umenewo ndiwo muyezo wa zovala za tsiku ndi tsiku za mwana mmodzi. Zikakana kulowa, musafune bokosi lina, bwererani ku milu ija mukachotse zina. Gawani mkati ndi kathabwa, mbali ina malaya ndi madiresi, mbali ina makabudula ndi masiketi. Zovala muzipinde n'kuzikulunga, kenako muziimike motsatana m'malo mozisanja pamwamba pa zinzake. Mwana akaona zonse nthawi imodzi safukula mpaka pansi pofuna malaya amodzi.

Ngati simungathe kupangitsa mabokosi panopa, mabasiketi apulasitiki okhala ndi mabowo, omwe amapezeka mumsika waukulu wa Mzuzu, agwira ntchito yomweyo mukawakhazika pa timatabwa. Yezani kaye mpata wa kunsi kwa bedi musanagule. Makatoni okha ndiwo ndikukuletsani. Amamwa chinyezi, amafewa, ndipo mphemvu zimaikira mazira m'timipata ta pepala lake.

Gawo 5: Shelefu yoimirira m'kampata ka kumiyendo

Tibwerere ku kampata ka masentimita 60 kaja. Kali pakona ya makoma awiri amkati, malo ouma kuposa ena onse m'chipindamo, ndiye n'koyenera mabuku. Pangitsani shelefu yoimirira ya masentimita 55 mulifupi, 40 kulowa mkati, ndi 180 mumsinkhu. Thabwa loyamba likhale masentimita 15 kuchokera pansi kuti tsache lizilowa, ndipo enawo atalikirane masentimita 32, mpata wokwana buku lalikulu la kusukulu litaimirira. Kumbuyo kwake musatseke ndi pulayiwudi. Ikani timatabwa tiwiri topingasa kuti isapendame, ndi kathabwa kakang'ono kumapeto kwa shelefu iliyonse kuti mabuku asagunde khoma.

Kagawidwe kake katsate msinkhu. Malo apansi ndi a mwana wa zaka 4, ndipo pakhale dengu limodzi la zidole. Dengulo likadzaza, chidole chatsopano chizilowa pokhapokha china chatuluka. Mashelefu awiri apakati ndi a wa zaka 8, apamwamba ndi a wamkulu, yemwe ali ndi zinthu zoti mlongo wake asazifikire monga kampasi ya masamu, lumo ndi sizasi. Zolemera zikhale m'munsi nthawi zonse.

Shelefu yaitali chonchi ikhoza kugwera mwana akaikwera, ndipo mwana wa zaka 4 adzayesa ndithu. Imangeni ndi mabawuti awiri ku mwendo wa bedi, limodzi m'munsi lina pamwamba. Ubwino wake ndi woti simunaboole khoma la eni nyumba. Mukamaliza igwedezeni ndi mphamvu zanu zonse. Ikasuntha, onjezerani chomangira.

Gawo 6: Zokolekapo pa khoma la chitseko

Kuchokera kutsogolo kwa shelefu kufika pa felemu ya chitseko pali khoma la pafupifupi mita imodzi. Apa ndi pokoleka mayunifolomu, majuzi ndi zikwama za kusukulu, zomwe zikasowa malo zimathera pansi kapena pa bedi.

Musanakhome chilichonse dziwani mtundu wa khoma lanu. Kandani ndi msomali pamalo obisika mpaka mudutse pulasitala. Mukapeza njerwa yootcha, mukhoza kuboola. Boolani pa njerwa penipeni, osati pa mzere wolumikiza njerwa, chifukwa nyumba zambiri anamangira matope, ndipo pulagi yolowa m'matope imazuka ikangolemedwa.  Gwiritsani ntchito mapulagi a mamilimita 8 ndi masikuluwu aatali masentimita 7 kapena 8, kuti adutse thabwa ndi pulasitala n'kulowa ndithu m'njerwa. Ngati khoma ndi la zidina, musalidalire. Imikani timitengo tiwiri kuchokera pansi, timangiriridwe ku shelefu ndi ku mtanda wa denga, ndipo matabwa okolekapo akhomedwe pa timitengoto.

Swichi ya getsi imakhala pafupi ndi chitseko, ndipo waya wake kawirikawiri amakwera molunjika m'khoma kuchokera pa swichiyo. Musaboole pamwamba kapena pansi pa swichi ndi soketi molunjika. Ngati nyumba ndi ya lendi, apempheni kaye eni ake, ndipo muwauze kuti ndi mabowo angati.

M'malo mokhoma zokolekapo zambiri m'khoma, khomani matabwa awiri opingasa, lililonse ndi masikuluwu atatu, ndipo zokolekapo zikhale pa matabwawo. Lapansi likhale pa masentimita 100 kuti awiri aang'onowo afikire, lapamwamba pa 150 la wamkulu. Zokolekapo zikhale timitengo tobulungira kumapeto, totalikirana masentimita 15, osati misomali. Msomali umang'amba kolala, umachita dzimbiri n'kudetsa malaya oyera a yunifolomu, ndipo pa msinkhu umenewo uli pafupi ndi diso la mwana. Thabwalo limathandizanso kuti chovala chilendewere motalikirako ndi khoma.

Gawo 7: Kuseri kwa chitseko ndi pamwamba pake

Tinthu ting'onoting'ono ndi timene timasokoneza chipinda kwambiri: masokosi, zovala zamkati, zipeso, mafuta odzola, timaliboni. Gulani chitenje cholimba ku msika wa Taifa, mupite nacho kwa atelala akusokereni nsalu ya matumba, ya masentimita 60 mulifupi ndi 120 mulitali, yokhala ndi mizere itatu ya matumba atatuatatu. Mzere wapansi ndi wa wamng'ono, wapamwamba wa wamkulu. Auzeni atelala apinde nsalu pawiri kumbuyo ndipo abwereze ulusi pakamwa pa thumba lililonse, chifukwa m'pomwe pamayamba kung'ambika. Pamwamba ndi pansi asiye mpako wolowetsa kathabwa, kuti nsaluyo isafwanyike.

Zitseko zambiri zamkati ndi zamphako, pakati pake palibe thabwa. Gogodani, mumva pomwe pakulira ngati ng'oma. Sikuluwu ya pamenepo imazuka. Mangani kathabwa kanu m'mphepete mwa chitseko momwe muli thabwa lenileni. Musaikemo zolemera, chifukwa mahinjesi akatopa chitseko chimayamba kukhula pansi. Onaninso kuti popeza chitsekochi chimatsegukira ku khoma lonyowa lija, matumba asamagunde khomalo. Khomani kamtengo pansi koimitsa chitseko chisanafike.

Pamwamba pa chitseko pali mpata wa masentimita pafupifupi 40 womwe sugwira ntchito. Ikanipo shelefu ya masentimita 35 kulowa mkati, yongolekezera pamwamba pa chitseko pokha, osafika cha kubedi, pa mabulaketi otalikirana osapitirira masentimita 60. Apa m'pokhala mulu wachiwiri uja, mabulangete ndi majuzi a nyengo yozizira. Musanawakweze achapidwe ndi kuuma tsiku lonse padzuwa la mu Seputembala kapena Okutobala. Chinthu chouma ndithu chikhoza kutsekeredwa m'thumba lapulasitiki, koma chokhala ndi kachinyezi ngakhale pang'ono chimavunda m'menemo. Mukakayika, kulungani m'chitenje chakale. Shelefu yotere isakhale pamwamba pa malo omwe mwana amagoneka mutu, ndipo isafikirike kuchokera pa bedi yapamwamba.

Nsapato ndi zovala zonyowa

Nsapato za kusukulu zimabwera ndi matope ofiira miyezi yambiri pachaka. Zisalowe m'madilowa kapena kunsi kwa bedi. Pangani kathandala ka timatabwa totalikirana, kokwera masentimita 10, kakhale pakhonde kapena m'kanjira ka kunja kwa chipinda. Nsapato zonyowa muzifwanyikiremo nyuzipepala usiku. Juzi yonyowa ndi mawawa isakolekedwe pamodzi ndi zouma, iyambe yauma pa chingwe cha pakhonde. Ndipo chonde, kuzizire chotani, musalowetse mbaula m'chipinda cha ana kuti muumitsire zovala. Mpweya wa makala sununkha, koma m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo.

Neti ya udzudzu isasowe malo chifukwa cha makonzedwe atsopanowa. Bedi iliyonse ikhale ndi neti yake. Yapansi imangidwe kunsi kwa bedi yapamwamba, yapamwamba ku mitanda ya denga kapena ku siling'i, ndi zingwe zazifupi zosalendewera. Pa zotchingira za bedi yapamwamba pasakolekedwe chikwama, lamba kapena chingwe chilichonse chomwe chingakole khosi la mwana potsika.

Zoyang'ana pakatha mwezi

Kokani madilowa onse, musese kunsi, muunike ndi tochi. Timizere ta dothi tokwera pa mwendo wa bedi kapena pa khoma ndi chiswe. Tiphwanyeni msanga, mutsate komwe tachokera, ndipo muwadziwitse eni nyumba. Timadontho takuda m'malumikizidwe a matabwa ndi m'mphepete mwa matiresi ndi nsikidzi, ndipo apa mpomwe bedi ya mabawuti imathandiza, chifukwa mukhoza kuimasula n'kukaitsuka panja ndi madzi owira. Tukulani matiresi apansi mugwire kunsi kwake. Mukapeza kuti n'konyowa, ndiye kuti madilowa adzaza mpaka kutseka mpweya, kapena matabwa ogonekapo matiresi athithikana kwambiri. Nunkhizani zovala za pansi pa dilowa iliyonse. Fungo la chuku likayamba, tulutsani zonse padzuwa, pukutani bokosi ndi viniga, liume, kenako muonjezere mabowo. Musaponyemo timibulu toyera tothamangitsa njenjete, chifukwa ndi poizoni ndipo mwana wa zaka 4 akhoza kutiyesa switi.

Yang'ananinso shelefu ya pamwamba pa chitseko. Mukaona kampata pakati pa bulaketi ndi khoma, kapena fumbi la njerwa pansi pake, pulagi yayamba kuzuka. Tsitsani katundu tsiku lomwelo, muboole bowo lina pa njerwa yoyandikana nayo, ndipo bowo lakalelo mulitseke ndi simenti. Mabawuti a bedi amafuna kumangidwanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira, pomwe matabwa akumaliza kuuma, ndipo pambuyo pake muziwayesa ndi sipanala kumayambiriro kwa teremu iliyonse.